Tcheni cha pakhosi si nkhokwe

Mphwanga amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni ananditumizira chithunzi cha tcheni chagolide chili pa nsalu yofiira, ndipo pansi pake analembapo kuti, “Achimwene, ndayamba kusunga ndalama mu golide, kwacha sidzandipwetekanso.” Maganizo akewo ndi abwino. Tonse tinaona zimene zinachitika mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo munthu amene amakhetsa thukuta kudziko la eni ali ndi chifukwa chofunira chinthu chosasungunuka m’manja. Chimene chinandinyansa ndi choti wogulitsayo anamulola kutuluka m’sitolo akukhulupirira kuti wagula nkhokwe, pamene wagula chovala.

Ndinamupempha kuti ayang’ane pa kachingwe kotsekera tchenicho, pamene pamakhala tinambala tating’ono. Anapeza 375. Nambala imeneyi imanena kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, golide ndi magawo 375 okha, ndipo ndi amene amatchedwa wa makarati 9. Zotsalazo ndi mkuwa, siliva ndi zina zolimbitsa. Mukaona 585 ndi makarati 14, 750 ndi makarati 18, 916 ndi makarati 22, ndipo 999 ndiye golide wosasakaniza. Ku Joni ndi ku Mangalande matcheni ndi mphete zambiri za m’masitolo wamba zimakhala za makarati 9, chifukwa ndi zimene anthu ambiri angakwanitse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa suletsa munthu kudya nkhuyu, umangomuuza kuti ayambe waing’amba.

Tiyeni tiing’ambe ndi masamu. Mitengo imasintha tsiku ndi tsiku, choncho nditenga manambala ongoyerekeza kuti tiwerengere mosavuta: tinene kuti galamu imodzi ya golide weniweni ili pa R2,000 pa msika wa dziko lonse, ndipo tcheni cha magalamu 10 chagulidwa pa R18,000. Golide amene ali m’tchenicho ndi magalamu 3.75, ndipo mtengo wake ndi R7,500. R10,500 yotsalayo yapita kwa mmisiri amene anachisula, ku lendi ya sitolo, ku phindu la mwini sitolo ndi ku msonkho wa VAT, umene ku South Africa uli pa 15 peresenti ndipo pa mtengo umenewu wadya ndalama yoposa R2,300. Ndalama yapamwamba imeneyi, yoposa mtengo wa golide amene muli naye m’manja, ndiyo nkhani yonse ya lero.

Tsiku la mavuto likafika, wogula golide wakale sayang’ana kukongola kwa tcheni. Amachiika pa sikelo, amachikhula pa mwala n’kudonthezapo asidi kapena kuchiyesa ndi makina, kenako amawerengera golide yekhayo n’kuchotsapo yake yosungunulira. Akakupatsani 85 peresenti, mwalandira R6,375. Ku pinyolo ikhoza kuchepera apo. Ndiye kuti golide ayenera kukwera mtengo pafupifupi katatu kuti mungobweza R18,000 yanu, phindu lisanayambe n’komwe.

Sindikunyoza zodzikongoletsera. Amwenye akhala akusunga chuma m’zibangili ndi m’ndolo kwa mibadwo yambiri, koma iwo amagula za makarati 22, amagula poyeza kulemera, ndipo ya mmisiri imalembedwa payokha moti munthu amatha kunenerera. Mayi wa ku India amadziwa magalamu a chibangili chake pamtima. Ife timagula ndi maso.

Tsopano tengani R18,000 yomweyo mupite nayo kwa wogulitsa makobidi agolide. Khobidi lodziwika kwambiri ku South Africa ndi Krugerrand, limene linayamba kusulidwa mu 1967, mbali ina kuli mutu wa Paul Kruger, mbali ina kuli nswala ya kumeneko. Lalikulu limalemera magalamu 33.93, ndipo m’kati mwake muli aunsi imodzi yathunthu ya golide, magalamu 31.1. Otsalawo ndi mkuwa wolilimbitsa kuti lisaphwanyike, n’chifukwa chake limaoneka mofiirira. Mu 1980 anayamba kusula ang’onoang’ono: la theka, la kota ndi la gawo limodzi mwa magawo khumi. La kota lili ndi golide wa magalamu 7.78, amene pa mtengo wathu uja ndi R15,560. Wogulitsa akaikapo 8 peresenti, mulipira pafupifupi R16,800, ndipo pa Krugerrand simulipira VAT. Mwatuluka ndi golide wochuluka kuposa kawiri wa m’tcheni chija, chenji chili m’thumba. Mukabwerera mawa lake kukaligulitsa, iye n’kuchotsa 2 peresenti pa mtengo wa pamsika, mulandira cha m’ma R15,250. Mwataya R1,550. Pa tcheni paja munataya yoposa R11,000.

Chifukwa chake n’chosavuta. Khobidi silifunika kusungunula. Wogula amadziwa kulemera kwake, mulifupi mwake ndi kuchindikala kwake, amaliyeza mphindi zochepa, ndipo mawa aligulitsa kwa wina lili chomwecho. Chinthu chimene aliyense amachizindikira chimakhala ndi mpata waung’ono pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira.

Apa ndiye pali dandaulo langa lakalekale. Mukalowa mosinthira ndalama zakunja ku Limbe kapena ku Lilongwe, bolodi limakuonetsani mitengo iwiri ya dola, wogulira ndi wogulitsira, ndipo ngakhale mwana wa sukulu amaona kuti pakatipo pali phindu la eni ake. Nanga n’chifukwa chiyani wogulitsa tcheni, amene akuuza mnyamata kuti akusunga chuma, amaonetsa mtengo umodzi wokha? Ndimadana nako kugulitsa kobisa mbali imodzi, kaya ndi inshuwalansi, kaya ndi ngongole ya katapila, kaya ndi golide. Funso limene munthu ayenera kufunsa asanatulutse chikwama ndi ili: “Bambo, nditabwera nacho mawa m’mawa chinthu chomwechi, mungandipatse zingati?” Wogulitsa makobidi wodalirika amayankha nthawi yomweyo, ena amachita kulemba poyera. Amene wayamba kuzungulira, kapena wanena kuti sagula zobwerera, wakuuzani zonse zofunika.

Koma khobidi nalonso lili ndi msampha wake, ndipo umagwira ife a ndalama zochepa. Ntchito yosula kakhobidi kakang’ono ndi yofanana ndi yosula lalikulu: makina omwewo, kulongedza komweko, mlonda yemweyo. Choncho kachinthu kakachepa, yapamwamba ija imakula. Tiyerekeze kuti la aunsi yathunthu, la golide wa R62,200, aikapo 4 peresenti: mulipira pafupifupi R64,700. Tating’ono ta gawo limodzi mwa khumi, ta magalamu 3.11, akaikapo 12 peresenti kalikonse kafika cha m’ma R6,970. Mukagula khumi pang’onopang’ono mwalipira R69,700 pa golide wofanana ndendende ndi wa khobidi limodzi lija. R5,000 yapita, ndipo ndi magalamu awiri ndi theka amene simunawagwire.

Ndiye wina anganene kuti dikirani mpaka mukwanitse lalikulu. Sindivomereza kwathunthu. Munthu wa aunsi imodzi akafuna fizi ya mwana ya R6,000 sangadule khobidi ndi mpeni, agulitsa lonse. Kwa wa malipiro a pamwezi, ine ndimaona kuti la kota ndiye pakatikati: yapamwamba yake ndi yopiririka, ndipo mukhoza kugulitsa limodzi ena n’kutsala. Kusonkhanitsa ya miyezi itatu kapena inayi, kapena kugula tsiku limene mwalandira chipereganyu, kumaposa kugula kachidutswa mwezi uliwonse.

Tinjerwa tagolide, tija timabwera titamatidwa m’kakhadi kapulasitiki kokhala ndi nambala, sindikhalitsapo. Tikakhala tikulutikulu, ta magalamu 50 kapena 100, yapamwamba yake imatsika kuposa ya makobidi, koma si ambiri a ife angafikeko. Ka galamu imodzi ndi kamene kamakopa anthu, ndipo pa galamu iliyonse ndi kodula kuposa tonse. Mukang’amba kakhadiko, kapena kakakhala ka kampani yosadziwika, wogula amafuna kukayesa kaye ndipo amatsitsa mtengo. Palinso chitsulo chotchedwa tangisiteni chimene chimalemera pafupifupi ndendende ndi golide, moti kanjerwa kabodza kokutidwa golide pamwamba kakhoza kudutsa pa sikelo. Onaninso lisiti ngati aikapo msonkho, chifukwa malamulo amasiyana. Ku Mangalande golide wosungira, makobidi ndi tinjerwa tomwe, alibe VAT kuyambira mu 2000, pamene tcheni chimalipira 20 peresenti. Abale athu a ku Leeds ndi ku Manchester adziwenso kuti makobidi a Sovereign ndi Britannia salipiritsidwa msonkho wa phindu powagulitsa, popeza ndi ndalama yovomerezeka ya dzikolo. Sovereign ili ndi golide wa magalamu 7.32, kukula kwake koyenera munthu wosunga pang’onopang’ono.

A ku Harare ndi ku Bulawayo anaona nkhani yomweyi mu Julaye 2022, pamene banki yaikulu ya Zimbabwe inatulutsa khobidi la Mosi-oa-Tunya la aunsi imodzi. Mtengo wake unali wa pamsika wa dziko lonse kuphatikizapo 5 peresenti, ndipo zinanenedwa poyera. Anthu wamba anadandaula kuti sangalikwanitse, mpaka ang’onoang’ono anatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho. Chimene ndinachiyamikira n’choti wogula ankadziwa yapamwamba imene akulipira.

Kunoko kumudzi kuli chiyeso china, cha golide wa fumbi wochokera kwa okumba a ku Makanjira kapena ku Lisungwi, amene munthu amakulonjezani motchipa kuposa mtengo wa pamsika. Golide weniweni sasowa womugula pa mtengo wabwino, ndiye wokupatsani motchipa ali ndi chifukwa chake. Inu mulibe chomuyesera, fumbi la mkuwa limanyezimira chimodzimodzi, ndipo kugula golide wosayengedwa kumafuna laisensi. Nayenso wa ku Joni asaganize kuti makobidi angangowaika m’sokosi n’kukwera basi ya ku Mwanza. Kutulutsa golide m’dziko kuli ndi malamulo ake, ndipo kufunsa ku banki musananyamuke n’kotchipa kuposa kulandidwa pachipata.

Golide sabereka chiwongoladzanja, ndipo amatsikanso. Mu 2011 aunsi inafika cha m’ma $1,900, koma pofika kumapeto kwa 2015 inali cha m’ma $1,050. Amene anagula pamwamba paja anadikira mpaka 2020 kuti aonenso mtengo wake. Pa zaka zoterozo, wa khobidi la 4 peresenti amavutika ndi msika wokha, pamene wa tcheni amavutika ndi msika pamodzi ndi dzenje limene analowamo tsiku logula. Choncho ndalama ya lendi, ya feteleza wa chaka chino kapena ya fizi ya teremu yamawa isapite ku golide. Ipiteko yokhayo imene mungaiwale zaka zisanu kapena kuposapo, ndipo pa lisiti lililonse lembanipo zinthu zitatu: magalamu a golide weniweni, mtengo wa pamsika wa tsikulo, ndi ndalama imene wogulitsayo wanena kuti angakupatseni mutabweza.