Ndalama zafika pa foni, koma ejenti akuti alibe

Ambiri a ife kuno ku Birmingham tikatumiza mapaundi kumudzi, timaona uthenga woti ndalama zalowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kuganiza kuti nkhani yatha. Madzulo amayi akuimba: "Ndapita kwa ejenti, akuti ndibwere mawa." Kawirikawiri palibe amene waba. Vuto lagona pa mmene ejenti amagwirira ntchito.

Ana athu obadwira kuno amadziwa PayPoint ya m'sitolo za ku Handsworth kapena Smethwick: upereka ndalama zamapepala, magetsi alowa. Ejenti wa kwathu amachita zofananako, kungoti iye amalandira komanso amapereka. Choncho amakhala ndi nkhokwe ziwiri. Ina ndi kashi wa m'kachikwama, ina ndi ndalama za pa foni yake, zimene amazitcha fuloti. Fulotiyo amachita kugula ndi ndalama zake, ndipo kampani imasunga ndalama zenizeni zofanana nayo ku banki, motsatira malamulo a Reserve Bank of Malawi.

Tiyerekeze ejenti wa pamsika wina ku Ntcheu wayamba tsiku ndi K300,000 ya kashi ndi K200,000 ya fuloti. Amayi abwera kudzatapa K250,000. Ndalamazo zichoka pa foni yawo kupita pa ya ejenti, iye n'kuwawerengera mapepala 50 a K5,000. Tsopano fuloti yake yafika K450,000, koma m'chikwama mwatsala K50,000 yokha. Chuma chake chikadali K500,000, osawerengera kakomishoni. Koma wobwera pambuyo kudzatapa K100,000 abwerera chimanjamanja, mpaka wina adzaike ndalama kapena ejentiyo akwere kabaza kukasinthitsa fuloti ku banki pa boma.

M'tauni oika ndi otapa amakhala ambiri, motero nkhokwe ziwirizi zimadzazana zokha. Kumudzi pafupifupi aliyense amabwera kudzatapa, makamaka kutha kwa mwezi ndi nyengo yogula feteleza, nthawi yomweyo imene ifenso timatumiza. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paundi yomweija inayamba kubala makwacha ambiri, pomwe mpamba wa ejenti sunakule tsiku lomwelo. Ine ndimaona kuti apa m'pamene timawaimba mlandu molakwa anthuwa.

Komabe si onse oyera. Wina amati, "Titape kawiri, K125,000 ndi K125,000," pamene kashi ali naye. Malipiro otapira amayenda ndi magawo, ndiye kugawa kotere kungawonjezere zimene amayi adulidwe ndi komishoni yake. Muwauze kuti asachoke pabenchipo uthenga wotsimikiza usanafike, afanizire chiwerengero chake ndi mapepala a m'manja, ndipo PIN azilemba okha.

Ngati ndalama ndi zambiri, amayi amuuziretu ejenti dzulo lake, kapena apite tsiku la msika masana, ogulitsa atayamba kuika zimene apeza. Mayunitsi a ESCOM angagulidwe pa foni pomwepo, osatapa n'komwe.