Gawo la Mkhalapakati Lilembedwe

Abale, mukafuna kugulitsa nyumba ku Ulongwe, musamuuze mkhalapakati kuti "zapamwamba n'zako". Inu mukufuna mametikali 200,000, iye akauza ogula 260,000, nyumba n'kutha chaka osagulidwa.

Gwirizanani gawo lake. Akati khumi pa zana, inu yambani ndi atatu. Mukakumana pa asanu, zake ndi 10,000. Kenaka lembani mtengo wotsikitsitsa, gawolo, ndiponso kuti adzalandira ndalama zonse zikalowa m'manja mwanu, osati pa chikole. Ikanipo malire, tinene miyezi itatu. Nanga wogula mukampeza nokha, iye adyapo? Zimenezonso zilembedwe, poti milandu imayambira pamenepa.

Mulembe "nyumba", osati "malo": kuno nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Musayine nonse pamaso pa amfumu, aliyense atenge pepala lake.