Foni yatsopano siikumvetsera, ikungoyesa

Pa msika wa Songani ndi pakati pa ophunzira a ku Domasi College of Education pali mphekesera yoti foni imamvetsera zokamba zathu. Umboni wake akuti ndi uwu: munthu wagula foni lero, watsegula TikTok koyamba, nthawi yomweyo akuona nyimbo za kuno ndi masewero a m'Chichewa. Yadziwa bwanji?

Ife tikuti siinadziwe kanthu. Yangoganizira.

Mu June 2020 kampani ya TikTok inafotokoza poyera zimene imayang'ana. Kwa munthu amene sanaonerepo kalikonse, ili ndi zochepa: dziko, chilankhulo cha foni, mtundu wa foni, ndi mitu imene wasankha ngati anafunsidwa polembetsa. Dziko silivuta kudziwa, chifukwa intaneti ya Airtel kapena TNM imabwera ndi adiresi yosonyeza Malawi. Adiresiyo siiloza Domasi. Choncho mlendo amapatsidwa mavidiyo osiyanasiyana amene atchuka kale, makamaka pakati pa anthu a dziko lake, monga momwe wogulitsa kaunjika amayambira kutambasula zovala zoyenda malonda akaona nkhope yachilendo.

Nkhani yagona pa zimene zimatsatira. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Malosa wapatsidwa mavidiyo anayi. Ya mpira wayidumpha msanga, ya ulaliki chimodzimodzi, ya nthabwala waonera theka, koma ya kaphikidwe ka mandasi waonera mpaka kumapeto n'kubwerezanso. Sanalembe kanthu, sanalankhule, koma wayankha kale. TikTok inanena yokha kuti kumaliza vidiyo yaitali kumalemera kwambiri kuposa zoti woonera ndi wojambula ali dziko limodzi. Makina a TikTok amafufuza ena amene anamaliza vidiyo yomweyo, n'kumupatsa zimene iwo anaonera. Pofika madzulo zophikaphika zachuluka, mtsikana n'kumadabwa.

Njirayi imalakwitsanso, ndipo kulakwitsako n'kumene kumaulula kuti palibe khutu. Mukaima pa vidiyo ya ngozi chifukwa cha mantha, makina amawerenga kuti mwaikonda. Mlongo wanu akabwereka foni usiku umodzi, m'mawa mumapeza zokonda zake. Ndipo ambiri amene amati foni ndi yatsopano amakhala alowa ndi akaunti yakale, kapena alola pulogalamu kuwerenga manambala a anzawo. Amenewo si alendo ayi.

YouTube inachita kufika pena: kuyambira mu 2023, amene wazimitsa mbiri ya zoonera ndipo alibe zakale amapeza tsamba loyamba lopanda mavidiyo, pali malo ofufuzira basi. Ikanakhala ikumva macheza a pakhonde, bwenzi ikusowa chokupatsani?

Wokayikabe ayese yekha. Mafoni a Android 12 kupita m'tsogolo amaonetsa kadontho kobiriwira pakona pamene maikolofoni ikugwira ntchito. Mukhozanso kulanda TikTok chilolezo cha maikolofoni, n'kuonera mavidiyo a ulimi wa mpunga okhaokha madzulo amodzi, ena onse mukudumpha. Mawa lake muone ngati mpunga sunachuluke.