Fungo lili ndi dzina: tisamangoti "akununkhira"

Abale anga a kuno ku Joni ndi a kumudzi, mwezi wathawu mlongo wanga wa ku Dedza adandituma mafuta onunkhira. Nditamfunsa kuti akufuna otani, adangoti, "Achimwene, onunkhira bwino basi." Ndidapita ku Oriental Plaza, ku Fordsburg, ndipo wogulitsa adandifunsa m'Chingerezi ngati ndikufuna a girini, a masiki kapena a switi. Ndidasankha a masiki, n'kutumiza pa basi ya ku Park Station. Yankho lidabwera lakuti mafutawo sakumveka n'komwe.

Ena amati Chichewa n'chosauka pa nkhani ya fungo, popeza tili ndi kununkha ndi kununkhira chabe, ndipo fungo likakula timangoti lili guu. Ine ndikukana. Mawu a Chingerezi aja nawonso ndi obwereka: lina ku maso, lina ku lilime, lina ku utsi, lina ku nyama. Azungu sadapeke mawu atsopano. Adangogwirizana kuti liwu lakuti liziimira fungo lakuti. Chimene chikutisowa ife ndi mgwirizano woterowo, ndipo tisaupange pomasulira mawu awo mwachimbulimbuli.

Tiyambe ndi girini. Womasulira mofulumira anena kuti "lobiriwira", koma kubiriwira ndi kwa maso. Liwu lathu loyenera ndi uwisi. Tikati mango ndi aawisi, nkhuni ndi zaziwisi, tanena kale za chinthu chimene chidakali ndi madzi ake, chosapsa, chosauma. Fungo lauwisi ndi lija limatuluka pomweta udzu, pothyola tsamba la tomato, kapena pa utomoni wa bango losakhwima. Pakufunika kusamala pang'ono: nsomba yaiwisi nayo ili ndi fungo lake, choncho pamene pangakhale chisokonezo tizinena kuti uwisi wa tsamba. Tidziwenso kuti fungo la mtunduwu silikhalitsa. Limamveka poyamba, ndipo pakatha mphindi zochepa limayamba kuzilala, n'chifukwa chake wogula chifukwa cha kununkhiza pa chitsekero cha botolo amadzadandaula kunyumba.

Masiki ndiye amene adandigwetsa. Kale ankachokera m'kathumba ka pamimba pa nyama yamphongo yonga gwape, ya m'mapiri a ku Asia, ndipo fungo lake lidali lanyama ndithu, chapafupi ndi limene ife timalidziwa pa tonde kapena pa swiswiri. Koma m'chaka cha 1888 Albert Baur adapanga masiki a mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo mitundu yopangidwa idachuluka mpaka kulowa mu sopo wochapira. Lero wogulitsa akati masiki, kawirikawiri akunena za fungo la chovala chochapa kumene chitauma padzuwa, kapena la khungu la munthu amene wangosamba. Liwu limodzi lasenza tonde ndi nsalu yoyera! M'Chichewa tilibe chifukwa chotengera chisokonezo chimenechi. Tinene kuti fungo lansalu yochapa, kwinaku fungo lanyama. Ndipo mlongo wanga sadaname ayi: pali anthu ambiri amene mphuno zawo sizimva mitundu ina ya masiki opangidwawa, ngakhale woyandikana nawo akuimva bwinobwino. Masiki si mphatso yogulira munthu amene sadawayese pakhungu pake.

Pa utsi ndiye pamene tawaposa. Chingerezi cha m'sitolo chili ndi liwu limodzi, pomwe mwana aliyense wa kwathu amasiyanitsa utsi wa nkhuni za m'khitchini, wa makala a pambaula, wa lupsa m'mwezi wa Okutobala, wa nsomba zowamba, ndi wa lubani. Mafuta ambiri a udi amene amagulitsidwa ku Fordsburg amapendekera ku lubani ndi mtengo wopserera. Mukangoti "autsi", mayi wa kumudzi aganiza za chitenje chimene chagona m'khitchini, ndipo akana.

Paudala musamutche "waufa". Ufa woyera uli ndi kafungo kowawasa ka mphale yoviika, pomwe fungo likunenedwali ndi louma, lofewa, la paudala wa khanda. Switi timuti kutsekemera, bola titchule kuti ndi kwa uchi, kwa bango lakupsa kapena kwa shuga wopserera mumphika, pakuti zitatuzi sizifanana.

Ulendo wachiwiri ndidamfunsa mlongo wanga mwanjira ina: ukufuna fungo la chiyani, poyamba ndi pomaliza? Adati poyamba likhale ngati khungu la ndimu, koma pofika madzulo patsale lubani pang'ono. Wogulitsa adanditulutsira mabotolo atatu okha. Ndidapaka pamkono, ndidakazungulira ola lathunthu, kenaka ndidabwerera kudzagula lachiwirilo.