Chenjezo kwa madalaivala a mathiraki: musalole kulemberedwa bodza pa sivi

Madalaivala anzathu, tcherani khutu. Pali anthu amene akudya ndalama zanu. Ena amakhala m'malo otayipirako makalata, ena ndi madobadoba ozungulira ku maofesi a laisensi, ena amakusakani pa foni. Amakuuzani kuti, "Achimwene, tipatseni kangachepe tikukonzereni sivi yoti bwana akangoiona akupatsani makiyi." Chimene amakonzacho ndi bodza, ndipo pansi pa bodzalo mumasainapo ndinu.

Dziwani ichi: sivi ya dalaivala wa mtunda wautali ili ndi mboni zitatu zimene simungazitseke pakamwa. Pali khadi la laisensi, pali pasipoti, ndipo pali bwana amene munkamugwirira ntchito. Mzere uliwonse umene mwalemba, wolemba ntchito amakaufunsa kwa mboni zimenezi.

Tiyerekeze dalaivala amene ali ndi laisensi ya C1. Wakhala akuyendetsa lole ya matani 7 pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo ndi waluso ndithu. Wotayipa uja akumulembera kuti ali ndi EC, wayenda msewu wa ku Beira zaka zisanu, ndipo sanachitepo ngozi. Onani mmene limagwera bodzali.

Limayambira pa khadi. C1 imakulolani kuyendetsa galimoto yolemera kuposa makilogalamu 3,500 koma osapitirira 16,000. Yoposa pamenepo imafuna C. Thiraki yaikulu yokoka ngolo, imene timati hosi ndi thirela, imafuna EC, yomwe pa makadi ena imalembedwa CE. Ku Joni mumva akuti khodi 10 ndi khodi 14, koma ndi C1 ndi EC zomwezi. Bwana sakangana nanu. Amangoti, "Tione khadi." Mukabweretsa khadi lokonzedwa kuseri kwa ofesi, nambala yake imafufuzidwa mu kompyuta ya nthambi yoona za pamsewu, ndipo nkhani ya ntchito imasanduka nkhani ya apolisi.

Musaiwalenso chilolezo cha dalaivala wa ntchito, chija chimalembedwa PrDP. Chilembo G ndi cha katundu, P ndi cha anthu, D ndi cha katundu woopsa monga mafuta. Chilolezochi chimatha msanga kuposa mmene ambiri mumaganizira. Musalembe kuti munayendetsa thanki ya mafuta pomwe D mulibe. Musalembenso chilolezo chimene chinatha ngati kuti chikugwirabe ntchito.

Mboni yachiwiri ndiyo imachititsa manyazi kwambiri. Munthu amene wayenda ku Beira zaka zisanu pasipoti yake imadzaza ndi zidindo za pa Mwanza ndi Zobue, kapena pa Dedza ndi Calomue, mpaka masamba kutha. Mnzathu wa C1 uja akutulutsa pasipoti yoyera mbee, muli chidindo chimodzi cha ulendo wokaoda katundu. Ayankha chiyani?

Ndipo musaganize kuti wofunsa mafunsoyo ndi kalaliki wa mu ofesi. Nthawi zambiri ndi dalaivala wakale, amene msewuwo anauyenda mpaka kutopa nawo. Akufunsani mwaulemu: mukachoka pa Zobue mumaoloka Zambezi pati? Mukafika pa Changara, wopita ku Beira ndi wopita ku Harare amasiyana bwanji? Yemwe anayendadi sachedwa kunena kuti wa ku Harare amalowera pa Cuchamano ndi Nyamapanda, pomwe wa ku Beira amatsika kukakumana ndi msewu wa Chimoio n'kudutsa pa Inchope. Akufunsaninso za inshuwalansi: khadi lachikasu la COMESA munkalionetsa pa boda iti, nanga ku Mozambique, komwe si membala wa COMESA, munkatani? Zimenezi wotayipa sivi sangakuphunzitseni.

Wa msewu wa ku Dar es Salaam naye ali ndi mafunso ake: Songwe ndi Kasumulu, Mbeya, chitsetse cha Kitonga kupitirira Iringa, nkhalango ya Mikumi. Wa ku Durban amafunsidwa za mzere wa pa Beitbridge. Mukaphonya dzina la boda imodzi yokha, zonse zimene munalemba, ngakhale zoona zomwe, zimakayikiridwa.

Koma choopsa zedi si kugwidwa. Choopsa ndi kusagwidwa.

Tiyerekeze kuti bwanayo anali pa changu, sanafufuze, wakupatsani thiraki yodzaza feteleza. Mwafika pa Chiweta, mukutsika kulowera ku nyanja. Lole ya matani 7 munkaigwira ndi phazi. Apa kumbuyo kwanu kuli matani pafupifupi 30 akukukankhani. Wodziwa amalowa giya yotsika asanayambe chitsetse n'kusiya injini igwire galimoto. Wosadziwa amaponda buleki mobwerezabwereza mpaka itatentha, mpweya n'kuchepa m'matanki, fungo lopserera n'kuyamba kumveka. Pofika pamenepo, giya sikulowanso. M'munsimo muli minibasi, muli ana a sukulu, muli amayi a malonda.

Mukapulumuka, mavuto sanathe. A inshuwalansi amayamba ndi kuona laisensi ya woyendetsa. Akapeza kuti simunali wololedwa kuyendetsa galimoto ya gulu limenelo, atha kukana kulipira. Bwana atulutsa sivi ija, aloze siginecha yanu. Dobadoba uja foni yake idzakhala yozima.

Pa nkhani ya ngozi, lekani kulemba kuti "sindinachitepo ngozi" ngati munachitapo. Kumbukirani mboni yachitatu, bwana wanu wakale: makampani a mathiraki amadziwana, ndipo amaimbirana foni. Ambiri ali ndi makina olondola galimoto, amene amasunga liwiro lanu, malo amene munaima, ndi usiku umene munayenda mutaletsedwa. Lembani chaka, malo, chimene chinachitika, ndi zimene apolisi anapeza. Bwana wanzeru amamvetsa dalaivala amene anagundidwa kumbuyo ataima pa sikelo. Amene samumvetsa ndi wobisa.

Tsono chitani izi lero lomwe. Tengani khadi lanu, mukopere zilembo za gulu la laisensi ndendende monga zalembedwera, pamodzi ndi tsiku lothera. Pa ntchito iliyonse lembani kampani, zaka, mtundu wa galimoto ndi katundu amene munkanyamula. Pa misewu tchulani poyambira, pothera ndi maboda a mbali zonse ziwiri, okhawo amene zidindo zake zili mu pasipoti. Ngati zidindo zili mu pasipoti yakale, isungeni, mupite nayo. Munthu amene mukumulemba ngati mboni muyambe mwamupempha, ndipo akhale amene anakuyang'anirani pa ntchito, osati mlamu wanu.

Mnzathu wa C1 uja alembe kuti: C1, lole ya matani 7, Lilongwe mpaka Mzuzu, sindinatulukepo ndi katundu kunja kwa dziko. Ndalama imene akanapatsa dobadoba aisungire sukulu yoyendetsa galimoto ndi mayeso a EC.

Chomaliza, samalani kumene mukutumiza pepalali. Pa sivi pali dzina lanu, foni yanu ndi mbiri yanu yonse. Wina akakuuzani pa foni kuti pali ntchito ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja, koma muyambe mwatumiza ndalama ya fomu ndi chithunzi cha pasipoti, imani kaye. Fufuzani kumene kuli ofesi ya kampaniyo, mupiteko kapena muimbe pa nambala imene mwaipeza nokha. Pasipoti ndi laisensi zenizeni muzionetse zili m'manja mwanu, musazisiye kwa munthu. Amene wakudyerani kale ndalama mwa njira imeneyi, kamuneneni ku polisi, ndipo muchenjeze anzanu a pa depoti asanafike kwa iwo.