Ziro mmodzi akhoza kubweza cheke

Cheke chikaperekedwa ku banki chimajambulidwa mbali zonse ziwiri, ndipo kalaliki amawerenga chithunzicho pakompyuta. Nambala ya cheke ndi ya akaunti ya wolipira zili pamzere wam'munsi, umene makina amawerenga okha. Makinawo akalephera, kalaliki amazilemba yekha.

Kenaka amalemba dzina la wolandira monga momwe lalembedwera, osalikonza. Ngati cheke chalembedwa m'dzina la kalabu ya alimi, sichingalowe mu akaunti ya msungichuma wa kalabuyo. Amaonanso deti: cheke cha deti lam'tsogolo chimadikira tsiku lake, pamene chopitirira miyezi 6 mabanki ambiri amachikana.

Ntchito yaikulu ndi kuyerekeza ndalama zolembedwa m'mawu ndi zolembedwa m'manambala. Tiyerekeze kuti kalabu yagulitsa soya wa K450,000. M'kabokosi mwalembedwa 450,000, koma mawu akuti zikwi makumi anayi ndi zisanu, kutanthauza K45,000. Mwalamulo mawu ndiwo amapambana, komabe kalaliki sasankha yekha. Amachiika padera, ndipo kawirikawiri chimabwezedwa kwa mwini wake.

Choncho mlimi awerenge malo awiriwa wogula asanachoke. Ngati pali pokonza, wogulayo alembe cheke china.