Dzanja Limodzi Likafooka, Foni Imve Mawu

Poyendera odwala, timapeza amene anachita sitiroko akuvutika kujambula uthenga wa tsiku lobwerera kuchipatala. Pafoni ya Android, sikirinishoti imafuna kukanikiza batani lozimitsira ndi lotsitsira mawu pamodzi, ndipo dzanja limodzi silikwanitsa.

Muzoikamo za Google Assistant, yatsani "Hey Google". Foni ipempha kumva mawu. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: mdzukulu amayankhula m'malo mwa agogo, kenako foni imakana kumvera eniake. Ayankhule wodwalayo yekha.

Uthenga uli poonekera, anene kuti "Hey Google, take a screenshot". Chichewa foni sichimva, choncho yesererani nawo kangapo, wailesi itazimitsidwa. Kachithunzi kakaoneka pasikirini, zatheka. Mapulogalamu ena a banki salola kujambulidwa. Pamenepo musawakayikire agogo.